Lamulo Langa ndi Mayi wa ku Ndamera

Ndinali ndisanathe miyezi itatu pa bungwe lina lothandiza anthu osefukiredwa madzi ku Nsanje pamene anandipatsa SIEM, makina osonkhanitsa malipoti a zonse zochitika pa makompyuta athu. Abwana ankaopa kuti wina angabe kaundula wa mabanja. Ndinalemba lamulo m'makinawo: munthu akatumiza zoposa gigabaiti imodzi mu ola limodzi, pakati pa faifi koloko madzulo ndi hafu seveni m'mawa, chenjezo lipite ku imelo ya abwana. Maolawo ndinangokopera pa pepala la pakhoma la nthawi yogwira ntchito. Sindinaliyese pa malipoti akale, poti ndinkadziona katswiri.

Lachitatu chenjezo linalira. Mayi wina wolembera mabanja ku Ndamera anali atatumiza magigabaiti awiri folo koloko m'bandakucha. Abwana anamuitanitsa tsiku lomwelo, laputopu namulanda pageti alonda akuona. Kalata yomuimitsa ntchito inkadikira mkumano wa thu koloko.

Ndinatsegula malipoti a VPN, njira imene anzathu akumidzi amalumikizira ku ofesi. Nditayang'ana adiresi yolandira, ndinaona kuti zonse zinapita ku seva yathu yomwe, kompyuta yaikulu ya ku ofesi. Lamulo langa linkawerenga kukula kwa katundu osafunsa kumene akupita. Sindinathamangire kwa abwana kukaulula. Ndinali pa nthawi yoyesedwa, ndipo ndinkachita mantha.

Mu mkumano abwana anamufunsa chimene amachita pa kompyuta anthu ali mtulo.

"Bwana, kwathu netiweki imayenda anthu asanadzuke," mayiyo anayankha. "Kukacha imangozungulira. Zithunzi za mabanja ndingatumize tani? Ine nkhabe kuba, sindinabe kanthu."

Abwana anakoka kalata ija, natsegula cholembera. Ndinaimirira.

"Pepani bwana, wolakwa ndine. Sizinatuluke kunja. Lamulo langa ndi loperewera."

Abwana anaika kalatayo mu dilowa. Anandiwonjezera miyezi ina itatu yoyesedwa, ndipo sindinadandaule.

Madzulo omwewo ndinakonza lamulolo. Seva yathu ndinaiika pa mndandanda wa malo ololedwa, kuti chenjezo lizilira katundu akamapita kwachilendo basi, ndipo loyamba kuliona ndizikhala ine. Nditaliyesa pa malipoti a mwezi wonse, dzina la mayi uja silinatulukenso.

M'mawa mwake ndinamupeza pageti akumangirira laputopu pa kabaza.

"Amayi, tsopano muzitumiza nthawi yanu ija. Ndakonza."

"Ndamva, achimwene," anatero osandiyang'ana.

Ndimamuonabe m'malipoti tsiku lililonse, ndipo zimandipweteka. Amayamba kutumiza hafu seveni itangodutsa, netiweki itadzaza kale, zithunzi n'kumakwawa mpaka masana. M'bandakucha sanatumizenso kanthu.