Mizere inayi ya Amayi pa wailesi

Tsiku limenelo tinkakumba kachewere kumunda kwathu ku Lifidzi. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinkatola, Amayi akukumba. Mfuti zinayamba kulira kutsidya kwa dambo dzuwa lili paliwombo. Amayi anasiya khasu lili chiimire pamzere.

Abambo anati akamasule ng'ombe, atipeza kutsogolo. Anavala chipewa chawo, n'kuthamangira kukhola.

Tinali ana anayi: ine Rosa, Mateyu, Lusiya, ndi Titu amene anali kumsana. Tinayenda masiku awiri kulowera ku Dedza, modutsa m'minda, osati mumsewu. Tikangowoloka mtsinje kapena kutuluka m'chimanga, Amayi ankaima n'kuitana maina osacheuka. "Rosa." "Ndilipo." "Mateyu." "Ndilipo." Lusiya ankayankha akulira. Za Titu ankadziyankhira okha, pomusisita kaphazi.

Tinkadya kachewere wosaphika amene ndinamangirira m'diresi. Mpaka lero fungo lake sindilifuna.

Titafika kumsasa kumene ankalembera othawa nkhondo, mlembi anafunsa Amayi tsiku lawo lobadwa. Iwo anati anabadwa nthawi yomenya nyemba. Mlembi anayang'ana mzere wa anthu, n'kungolemba deti la tsiku lomwelo. Titabwerera kwathu nkhondo itatha, deti lomwelo linalowa pa chitupa chawo chatsopano.

Amayi sankalifuna tsikulo. Ndi tsiku limene anayenda msasa wonse akufunsa za mwamuna wa chipewa chofiirira, osamupeza. Chaka chilichonse likafika ankangolawirira kumunda. Anatilera okha ndi nyemba ndi maganyu, tonse tinaponda sukulu ku Fonte Boa, koma mawu a mafuno abwino akuti "parabenzi" sanawamvepo kwa ife. Tinkaopa.

Chaka chino ndinati ayi, zakwana. Amayi sawerenga, foni amati imawasokosera, koma wailesi sachoka nayo pakhonde. Ndinaganiza zotumiza uthenga ku pologalamu ya mafuno abwino pa wailesi ya m'dera lathu. Mateyu anandichenjeza pa foni kuchokera ku Tete: "Achemwali, akakathimitsa wailesiyo musadzandiitane ine."

Ndinalemba masamba atatu a kaderno, kope lija la kusukulu. Nkhondo, njala, chikuku cha Lusiya, zonse. Ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita kunyumba ya wailesi ku Ulongwe kutatsala masiku awiri kuti tsikulo lifike, chifukwa mauthenga amalandira pasadakhale.

Mtsikana wolandira mapepala anatembenuza masamba anga n'kuseka. "Mayi, iyi ndi misa yathunthu! Pologalamu ndi ya ola limodzi, anthu ndi ambiri. Mizere inayi basi. Pamwamba dzina la olandira ndi mudzi, pansi maina a otumiza, ndi nyimbo ngati muli nayo. Mulembe zilembo zazikulu, owerenga asapunthwe."

Ha! Zaka zonsezo m'mizere inayi? Ndinakwiya, sindinama. Ndinakhala pabenchi panja ndi bolopeni. Ndinafufuta njala. Ndinafufuta mfuti. Za Abambo ndinalemba, n'kufufuta, n'kulembanso, n'kufufutanso. Chimene chinatsala ndinachipereka.

Tsikulo Lusiya anabwera ndi bolo, keke ya chikondwerero, kuchokera kumsika, tinalibisa m'nkhokwe. Titu, amene tsopano ndi chimunthu cha ndevu, anaika mabatire atsopano mu wailesi. Mateyu naye anatulukira, ati anangodutsa. Amayi anabwera kuchokera kumunda masana, anatiyang'ana tonse. "Kodi kwagwanji? Mwadzaza pakhomo ngati nkhuku zaona mphale."

Anakhala pamphasa kusankha nyemba. Owerenga anadutsa uthenga wa ukwati, wina wa mwana wokhoza mayeso. Kenaka tinamva: "Kwa Amayi Anaphiri a ku Lifidzi." Dzanja lawo linaima m'lichero.

"Amayi, lero ndi tsiku lanu lobadwa, parabenzi. Ndi tsikunso limene munatifikitsa. Munatilera nokha, ndipo simunataye ndi mmodzi yemwe. Lero tikuyankha musanaitane: Rosa, ndilipo. Mateyu, ndilipo. Lusiya, ndilipo. Titu, ndilipo."

Nyimbo inayamba. Amayi anatambasula dzanja kulunjika ku wailesi. Mtima wanga unati phwii, ndinati basi, athimitsa. Koma iwo anakweza mawu a wailesiyo.

"Ndiye dziko lonse lamva?" anafunsa.

"Mpaka ku Dedza, Amayi."

"Ana opanda manyazi inu." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anatembenukira kwa Titu. "Iwe, aka n'koyamba kudziyankhira wekha."

Tinaseka mpaka Lusiya anakhala pansi. Aneba anabwera akululutira, bolo linachepa. Amayi anavina pang'ono, atagwira m'chiuno. Ine ndinasangalala ngati mwana, ndikunena poyera.

Podula bolo Amayi anapatula kachidutswa kamodzi, n'kukaika pambale payokha. Palibe anafunsa kuti n'ka ndani. Abambo sanatipeze kutsogolo kuja. Ife anayi tinafika, ndipo Amayi anatiwerenganso ndi chala, mmodzimmodzi, asanadye.