Mzere umene ndinafuna kuufufuta

M'zaka za Chitaganya, Chipata akadali Fort Jameson, ndinkaphunzitsa Sitandade 4 pa sukulu ya mishoni cha ku Madzimoyo. Chaka china asisitere anatipatsa malo amodzi okha a mtsikana ku sukulu yawo yogonera komweko. Anati atsikana okhoza bwino alembe chimangirizo cha Chinyanja kunyumba, ndipo wolemba bwino ndiye apite. Mtsikana wotsala, masiku amenewo, chinkamudikira ndi khasu ndi banja.

Chimangirizo chopambana chinabwera kawiri, mawu ake ofanana mpaka mpumiro. Anachibweretsa atsikana awiri a nyumba imodzi. Wamkulu anali mwana wa mayi mwini nyumba, wolongolola, wosaopa munthu. Wamng'ono anali wamasiye, mwana wa malemu mng'ono wawo wa mayiyo, ndipo m'kalasi mawu ake tinkachita kuwasaka. Mutu wa chimangirizocho unali "Tsiku lokumba nsawa".

Ahedi anawafunsa onse pamodzi. Munda uli kuti? Munapita ndi yani? Wamkulu anayankha ngati akuimba nyimbo, mnzake maso ali pansi. Ahedi anati nkhani yatha. Ine ndinawapempha kuti andibwereke anawo. Mafunso awo sanali olakwa, koma ana onse awiri anakumba nawo nsawa m'munda womwewo, ndipo kuloweza n'kosavuta kwa wokopera. Zochitika anazidziwa onse. Chimene wokopera sachidziwa ndi chifukwa chake mawu anaikidwa pamene anaikidwa. Kadziwa mwini msampha wa m'chipeta. Pa zimenezi, kunena mosadzitama, ndinali katswiri.

Ndinayamba ndi wamkulu, payekha. "Unayambiranji ndi mayi akukalipa, osati ndi ulendo wa kumunda?"

"Chifukwa amayi amakalipa, aphunzitsi." Ndinaseka, pakuti mayiyo ndinkawadziwa.

"Nanga n'chiyani chinachitika tsikulo chimene unachisiya osalemba?"

"Ndinalemba zonse."

Wolemba weniweni sanena choncho. Amakhala ndi zimene anataya, ndipo zimamuwawa. Kenaka ndinaloza mzere wina wapakati, wonena kuti mayi, pofika kumapeto kwa mzere uliwonse wa nsawa, ankazula mofulumira osafukula dothi. Ndinati mzerewu ukungotalikitsa nkhani, ndiuchotse?

"Chotsani, aphunzitsi. Odziwa ndinu."

Ndinaitana wamng'ono, ndikuganiza kuti ntchito yatsala pang'ono. Ndinanama. Funso loyamba, "Kaya." Lachiwiri, "Funsani akulu anga, analemba ndi iwo." Apa ndinazindikira kuti mwanayu sakulephera, akuchita dala. Ankadya m'nyumba ya eni, kufunda bulangete la eni, ndiye akanalanda bwanji malo a mwana wa eni? Mtima unandiwawa, ndiponso ndinakwiya, ngakhale sindinadziwe woti ndimukwiyire.

Sindinamuumirize. Ndinaviika cholembera mu inki n'kuchiimika pamwamba pa mzere uja.

"Poti si chako, sudandaula. Uwu ndikuufufuta, ulibe ntchito."

Anayang'ana cholemberacho, dontho la inki likulendewera. 

"Musatero, aphunzitsi."

"Chifukwa?"

"Mukauchotsa, kumapeto sikumveka. Kuja amayi akutikalipira kuti tasiya nsawa zambiri m'dothi, pamene azisiya ndi iwo. Amasiyira mayi wina wosauka amene amabwera kudzakunkha ife titachoka. Safuna kuti tidziwe."

"Bwanji sunalembe choncho poyera?"

"Ndinalemba pa sileti, ndiye ndinafufuta. Zinkaoneka ngati ndikuwaulula. Ndinati wowerenga aone yekha."

Atatero anagwira pakamwa, koma madzi anali atatayika kale. Ndinaitana ahedi n'kumufunsanso mafunso ena awiri iwo alipo, kuti asadzati ndakondera. Anayankha misozi ili chuchuchu, koma anayankha bwino, mpaka kutiuza liwu limene analisintha chifukwa linkamveka lamwano. Ahedi anangogwedeza mutu n'kulemba dzina lake.

Chinanditsalira ndi nkhawa ya kunyumba kwawo. Loweruka ndinapalasa njinga kukaonana ndi mayi aja, nditakonzeka kulandira mawu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Ndiye kamwana aka kankandiona?" Za malowo sanatsutse. Anangoti onse ndi ana awo, ndipo amene analemba ndiye apite.

Tsiku lonyamuka ndinawapeza atsikana aja pamsewu akudikira lole ya ku Fort Jameson. Bokosi la wamng'ono analisenza ndi wamkulu. Sanandithawe maso ayi, mtsikana uja analibe manyazi a chibwana.

"Aphunzitsi, ndinamuuza ndine kuti azingoti kaya," anatero. "Koma mutandifunsa za mzere uja, ndinadziwa kuti zanga zada. Usiku ndikukopera ndinafuna kuudumpha, inki inali itatsala pang'ono. Mng'ono wangayu anandigwira dzanja."

Lole itafika anakweza bokosi, namukankha mng'ono wake kuti akwere msanga. Iye anabwerera kumudzi wapansi, nkhata ili m'manja. Chaka chotsatira ndinaimba nawo nyimbo pa ukwati wake.