Kalata ya Mayi Mariamu Yopita ku Mphunzi

Amene anakulira m'mbali mwa msewu waukulu, kungotuluka pang'ono pa boma la Dedza, amawakumbukira mayi Mariamu a pachigayo. Anali mayi wamfupi, wosachuluka zonena, ndipo mpango wawo sunkasowa ufa. Bambo awo anali telala wa pakhonde, Msilamu wolimbikira, amene anzawo ankawaseka chifukwa chotumiza mwana wamkazi kusukulu. Mwanayo anaphunzira mpaka dzanja lake linakhwima polemba. Atakula anakwatiwa ndi a Musa, amene anayamba ndi kuyenda ndi nsomba zouma panjinga mpaka anagula chigayo cha dizilo. Ntchito anagawana bwinobwino: a Musa ku injini, a Mariamu pakhomo, kuyeza chimanga m'madebe ndi kuweruza amayi olimbirana mzere.

Chaka china, m'zaka zija anthu ankatsitsa mawu akafuna kutchula za boma, panaima galimoto m'mawa kuli nkhungu. Amuna awiri anati a Musa akungofunika kukayankha mafunso pang'ono. A Musa anakwera manja ali bii ndi mafuta a injini. Sanabwerenso.

A Mariamu anayamba kuyendera ofesi ina kukafunsa. Kalaliki wa kumeneko anali munthu waulemu ndithu. Ankawapatsa mpando, kuwafunsa za ana, kenako nkunena kuti, "Nkhaniyi tikuiona, mayi. Mubwerenso sabata yamawa." Iwo ankathokoza nkubwerera. Kulira sankalira, pakuti maliro panalibe. Sadaka sakanachita, pakuti palibe anawauza kuti munthu wafa. Ankadzuka, kusesa, kuphikira ana, kudya osamva kukoma, ngati thupilo ndi lobwereka.

Chigayo chinakhala chete mpaka akangaude anamanga pa lamba. Ndi pamene alamu awo, a Sulemani, mng'ono wa a Musa amene anali ndi sitolo pafupi, anati, "Alamu, ana adya chitsulo chimenechi? Tilembe munthu."

"Lembani," anatero a Mariamu.

Anamata pepala pachitseko, ndipo mwa onse amene anabwera, awiri ndiwo anaoneka odziwa kanthu. Wina anali Damiano, amene anayendetsa injini kwa zaka zambiri kocheka matabwa. Wina anali Gerevazio wa ku Mphunzi, wamng'onopo, amene anafika woyamba panjinga yobwereka, atanyamula kalata yaumboni yochokera ku chigayo china kumene ankathandizira. Anawayesa onse awiri. Gerevazio anamasula sefa nkuibwezeretsa mwaukhondo, koma atapukusa injini inangotsokomola. Anapukusa mpaka thukuta m'chisanu chonse cha ku Dedza. Damiano anamvetsera, anati m'paipi ya mafuta mwalowa mpweya, anamasula kanati kamodzi, anapopa mpaka thovu linatha, ndipo chigayo chinalira. Nkhani inathera pomwepo, ndipo aliyense anaona, kupatula mwina Gerevazio mwini wake.

Potsazika Gerevazio anavula chipewa. "Ndiye ndiyembekeze bwanji, amayi?"

"Tiona," anatero a Mariamu. Mawuwo anangotuluka okha.

"Mudzamva, achimwene, mudzamva," anawonjeza a Sulemani. Kalata yaumboni ija inatsalira m'sitolo. Damiano anauzidwa kuseri kuti adzayambe mwezi ukaoneka.

Patapita masabata, mphepo ya Ogasiti ikuthira fumbi m'maso, panafika mayi wina wowonda atasenza dengu. Anatula, anagwada.

"Ndine Falesi, mkazi wa a Gerevazio. Akuti mulandire timbatatesi iti."

A Mariamu anangoyang'ana dengulo.

"Koma ine ndabwera ndi yanga, amayi, asakamve. Kwathu kwabwera akapitawo a ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Akulemba anthu, lole inyamuka Loweruka. Anzawo onse alembetsa. Iwo akuti ayi, amayi aja anati tiona, ndiponso pepala langa anasunga, munthu sasunga pepala la munthu amene sakumufuna. M'mawa uliwonse amavala malaya oyera nkukhala pansewu. Nkhokwe yathu mutha kugonamo. Ngati ntchito ilipo, ndikawachapire malayawo. Ngati palibe, ndiuzeni."

"Palibe," anatero a Mariamu. Anadabwa kumva mawu awo omwe. "Tinatenga wina."

Falesi sanagwedezeke. "Ndimadziwa ine. Koma ndikakanena ine, akati ndi nsanje ya mkazi, ndikufuna kuwathamangitsira ku fodya. Pakamwa panga sakakhulupirira."

A Mariamu anamuuza kuti akhale pamthunzi, ndipo analowa m'sitolo ya alamu awo nkupempha pepala, cholembera ndi kaboni wokopera kalata. A Sulemani atamva nkhaniyo anaseka.

"Kalata yokana munthu? Alamu, mwasanduka bwanamkubwa? Kuno munthu sitimukana, timangomusiya, amatopa yekha."

"Satopa," anatero a Mariamu.

A Sulemani anawayang'ana, ndipo kuseka kunawathera. Anapukuta kauntala ndi mkono. "Chabwino. Koma lembani mofewa. Yambani ndi moni wautali, mufunse ana, mufunse mbuzi. Kenako munene kuti pakadali pano zinthu sizinalongosoke."

"Zinalongosoka. Damiano ayamba."

"Ndiye lembani kuti malo akadzapezeka tidzamuitana. Mawu amenewo salipiritsa, alamu. Ngakhale makampani akuluakulu amalemba choncho."

"Malo ake ati? Chigayo n'chimodzi."

"Nanga Damiano akalephera? Mwamuona maso ake aja, amamwa ameneyo."

"Akalephera tidzamata pepala lina. Mwina ndidzakhala nditagulitsa chigayocho. Mwina eni ake…" Anasiya pomwepo.

"Dzina la achimwene lisalowemo," anatero a Sulemani motsitsa mawu. "Pepala limawerengedwa ndi aliyense panjira."

"Sililowamo."

Analemba pang'onopang'ono, ataimirira, monga anawaphunzitsira kusukulu, malo ndi tsiku pamwamba kudzanja lamanja. Pepala loyamba analing'amba, chifukwa anaona kuti adzaza theka lonse ndi moni ndi kupepesa, ndipo munthu wofuna kupezamo chiyembekezo akanachipeza. Lachiwiri linali lotere:

"Okondedwa a Gerevazio,

Zikomo kuti munabwera kuchokera kutali kudzayesedwa ntchito yoyendetsa chigayo. Ndikukudziwitsani kuti ntchitoyi sitikulembani. Tatenga munthu wina amene wagwira injini za dizilo zaka zambiri, ndipo nkhaniyi yatha.

Ndinalakwa kukuuzani kuti tiona. Pepani kuti mwadikira.

Munafika pa nthawi yake, munagwira sefa mosamala, ndipo munali aulemu. Wina akadzandifunsa za inu, ndidzanena zimenezi, chifukwa ndi zimene ndinaona.

Ntchito ina pano palibe, ndipo sindikulonjeza kuti idzakhalapo. Musasiye mwayi wina chifukwa cha ife.

Kalata yanu yaumboni ndaibweza m'menemu. Mbatatesi ndabwezanso, osati monyoza.

Ndine,
Mariamu."

A Sulemani anawerenga akupukusa mutu. "Yauma ngati chikonyo. Ikani kuti Mulungu akalola tidzaonana."

"Akawerenga kuti tidzaonana pachigayo."

"Ndiye ikani kuti ndi katswiri, amve kukoma."

"Injini inamukana pamaso pa anthu, alamu. Ndikalemba katswiri, adzafunsa kuti nanga mwandisiyiranji."

"Inu mukanakhala sing'anga, odwala akanafera pakhomo," anatero a Sulemani, koma anatsegula kabati nkutulutsa kalata yaumboni ija. Inali itadontheredwa mafuta ophikira pakona. Anaipukuta ndi malaya awo mwamanyazi.

A Mariamu anasunga pepala la kaboni, nkutuluka. Anamuwerengera Falesi kalata yonse mokweza, kuti adziwe chimene wanyamula, kenako anaiika mu envulopu pamodzi ndi yaumboni ija nkuimata. Pa mbatatesi panavuta.

"Mphatso sibwerera, amayi. Anthu akatiseka."

"Ndikalandira, akati ndiye kuti ntchito ilipo. Kagulitseni pamsika, koma mukawauze kuti ndabweza."

Falesi anapisa kalatayo m'chilundu cha nsalu, anasenza, anapita. A Mariamu anaimirira pakhomo la chigayo mpaka anazimiririka. Ankayembekeza kuti amva kupepuka, kapena chisoni. Sanamve kanthu. Anangoona kuti chala chawo chada ndi kaboni, nkupita kukatunga madzi.

Mwezi utaoneka Damiano anayamba ntchito, ndipo mzere wa madebe unabwerera. Kumwa ankamwadi, koma Lamulungu lokha. A Mariamu anaima pakhomo paja zaka zambiri pambuyo pake, ana anaphunzira ndi chigayo chomwecho, ndipo amene ankabwera kudzapempha ntchito ankadziwa kuti kwa mayi ameneyu yankho umalitenga tsiku lomwelo.

Chaka chomwe chija cha kalata, Falesi anaonekanso mvula yoyamba itagwa, tsiku la msika, mwana ali kumbuyo. Anaima kunja kwa mzere mpaka a Mariamu anamuona. Anakuwirana chifukwa cha phokoso la injini.

"Anapita?"

"Anapita. Anawerenga, anapinda, anawerenganso. Tsiku limenelo sanadye, sanandilankhule. Anati mayi ameneyu alibe chisoni. Loweruka anakwera lole, anali womaliza kulembedwa."

"Ali bwanji kumeneko?"

"Akuti ntchito ndi yowawa, chakudya n'choyeza. Koma ali moyo, atumiza mawu. Ine nditsatira ndikabzala." Falesi anasuzumira mkati, kumene Damiano ankathira chimanga, nkusendera pafupi. "Anandituma kuti ndifunse. Akuti fodya akagulitsidwa abwera. Ndiye akuti, bambo awa akadzachoka, muwakumbukire. Ndikawalembere kuti mwavomera?"

A Mariamu anayang'ana mwana anali kumbuyoyo, amene ankayamwa ngodya ya nsalu. Kunali kosavuta kungogwedeza mutu movomera. Palibe akanawagwira nako.

"Ayi. Musalembe zimenezo. Akadzamva kuti pano pamatidwa pepala, abwere ngati wina aliyense, adzayesedwe. Kupitirira apo sindikudziwa."

"Basi?"

"Basi."

Falesi anakweza mwana, anamanganso nsalu pachifuwa.

"Ndikalemba choncho," anatero.

Kumbuyo kwake mayi wina anali atayamba kale kudandaula kuti debe lake lalumphidwa, ndipo a Mariamu anatembenuka kukaweruza.