Makala a Mapepala Aja

Achimwene anga ndi amene anabwera nayo nzeru imeneyi. Anaiona ku Dedza zaka zija tinathawirako nkhondo, koma anadzaikumbukira mochedwa, chaka chimene mbatatesi zathu zinapsa ndi chiwawu. Anati mapepala amene amatayidwa ku shikola, kusukulu kunena kwake, ndi m'maofesi a ku Ulongwe tingapange nawo makala.

Ine sindinamvetse. Pepala limayaka kamodzi n'kusanduka phulusa, makala achokera pati?

Tinkang'amba makadeno akale, mabuku olembamo ana asukulu, n'kuwaviika mumgolo mpaka atafeweratu, kenako ndinkawasinja mumtondo. Achimwene ankasakaniza phalalo ndi fumbi la makala limene ogulitsa amasiya pansi kumsika, kumerikado, n'kumafinyira m'chitini choboola kunsi kuti madzi atuluke, kenako n'kuyanika zibulumazo. Mapepala akachuluka, utsi unkatitulutsa m'khitchini. Fumbi likachuluka, zinkanyenyeka m'manja. Kuzizira kwa kwathu kuno nakonso, zinkachedwa kuuma.

Kumerikado anthu ankangotola, kununkhiza, n'kubwezera.

"Kodi n'zodyedwa?" agogo ena anandifunsa, ndipo sankaseka.

Tsiku lina kunafika mayi wina woweta nkhuku ku Domwe. Anagula thumba lonse kuti akayesere kutenthetsera khola la anapiye. Posakhalitsa anabweranso, atatsika shapa, minibasi ya kwathu kuno, analunjika kwathu.

"Amayi, ndikufuna omwe aja. Amayaka pang'onopang'ono, alibe utsi, anapiye sakuunjikananso ndi kuzizira. Omwe aja ndithu."

Tinayang'anizana ndi achimwene. Thumba limenelo tinalipanga sabata imene kumudzi kunali maliro, aliyense akugwirako akapeza mpata. Ine ndinkakumbuka kuti ndinathiramo phala la chinangwa lotsala kuti zimatane. Achimwene anati ayi, phala linalowa mumgolo wina, iwo anathiramo utuchi wa kwa kalipentala. Alamu anga, akazi awo, anati anaona mgolo uli wamadzimadzi n'kuwonjezamo dothi la pachulu, koma sankadziwa kuti unali mgolo uti.

"Nanga simunanene bwanji, alamu?"

"Munandifunsa?"

Tinapanga mitundu itatu, wa phala, wa utuchi ndi wa dothi, n'kuika m'matumba osiyana. Mwamuna amene anawanyamula pa njinga anaona matumba osadzaza, n'kukhuthulira onse m'thumba limodzi kuti amange bwino. Mayi uja anatumiza mawu akuti ena anali bwino, ena ayi. Ati? Anati akuda aja. Onse anali akuda.

Tinayesanso, achimwene akuyeza ndi chitini, ine ndi mbale, n'kumakangana kuti chitini chodzaza n'chotani. Mayiyo anatibweretsera anzake awiri oweta nkhuku, ndipo mpaka pano amagula. Mbatatesi tinachepetsa kulima. Koma nthawi iliyonse mayi uja akafika amatola limodzi, kuliswa pakati, kuyang'ana mkati mwake, n'kunena kuti, "Ali bwino, amayi, koma sanafike pa oyamba aja."