Makoma a bilidala

Ndinkagwira ntchito pa situdiyo yojambula zithunzi ya alamu anga ku Maramba. Tsiku lina kunabwera mayi wamasiye ndi chithunzi cha malemu amuna awo, omwe anali bilidala. Ankafuna tiwadule pachithunzipo n'kuwamata patsogolo pa tchalitchi chomwe anamanga, kuti atumize kwawo ku Chipata.

Ndinapita kukajambula tchalitchicho. Msewu unali wopapatiza, choncho ndinalozetsa kamera m'mwamba kuti denga lilowe. Filimu itatsukidwa, makoma ankapanikizana kumwamba ngati akugwera chagada, pansi potsetserekera kumanzere. Ndinadabwa, chifukwa maso anga sanaone zimenezo.

Ndinatenga sizasi kuti ndidule malemu pachithunzi, koma alamu anandigwira dzanja.

"Yamba wawongola nyumba," anatero. "Ukamata munthu woongoka pakhoma lopendama, wina mwa awiriwo aoneka woledzera."

Ndinanyinyirika, poti ndimadana ndi kugwidwa dzanja, koma ndinawatsatira m'chipinda chamdima. Pansi pa makina okulitsira zithunzi anapotoza thabwa loikapo pepala la chithunzi mpaka nthaka inagona bwino. Kenako anakweza thabwalo ndi kamtengo mbali yomwe kunkaoneka maziko, ndipo maziko atayandikira diso la makina anachepa mpaka kulingana ndi kumwamba. Anachepetsa kabowo ka kuwala kuti ponse paoneke bwino, n'kuwonjezera nthawi yowalitsa pepala. Malemu tinawamata pambuyo pake.

Mayiwo atabwera sanayambe ndi nkhope. Anayendetsa chala pangodya ya khoma, kuchokera pansi mpaka padenga.

"Eya, ni yeve anamanga iyi," anatero.