Njere za Nandolo za Wyson Makina

Wyson Makina ndamudziwa zaka makumi awiri ndi zitatu, kuyambira pamene anabwera kudzakhala chikamwini m'mudzi mwathu kunsi kwa Michesi. Si waulesi, ndipo samwa. Vuto lake linali limodzi: mutu wake unkabereka mabizinesi ngati nkhumba, koma panalibe ndi imodzi yomwe yokula. Anayamba kumeta anthu, nasiya. Anawetako nkhunda. Makina osokera amene anagula anathera kuyanikapo matewera.

Napolo atatsika m'phiri n'kukwirira munda wawo ndi miyala, banja linatsala ndi mbuzi ziwiri. Wyson anafuna kuzigulitsa apeze mpamba. Mlamu wake Fraser, mwini mbumba, anakana pamaso pa anthu.

"Alamu, mbuzizi n'za mlongo wanga. Sankhani chinthu chimodzi. Zikatha ngati nkhunda zija, njira ya kwanu mukuidziwa."

Wyson anali ndi maganizo oposa khumi, ndipo onse ankawakonda. Mkazi wake Enelesi anali ataphunzira kubanki m'khonde njira yosefera maganizo. Anasesa pabwalo, najambula mizere ndi kamtengo, ganizo lililonse mzere wake, mzere uliwonse zipinda zinayi: mpamba wofunika, luso limene munthu ali nalo, kuchuluka kwa ogula, ndi mtima wake pa ntchitoyo. Anabwera ndi nandolo m'chipande. Chipinda chilichonse chimalandira njere kuyambira imodzi kufika zisanu.

Wyson anathamangira mzere wa njinga yamoto ya kabaza, naponya zisanu pa mpamba.

"Bambo a Edina, mwatani?" anafunsa Enelesi.

"Ndi yodula imeneyi. Iyenera zisanu."

"Chodula chimalandira imodzi. Zisanu n'za chimene tingachikwanitse. Kapena muli ndi mbuzi zina zimene sindikuzidziwa?"

Anachotsa zinayi. Pa luso Enelesi anamukumbutsa tsiku limene analowa m'munda wa fodya ndi njinga yamoto yobwereka, ndipo anaika ziwiri. Ogula zitatu, poti akabaza achuluka. Mtima zisanu. Zonse khumi ndi imodzi. Wyson anaziwerenga kawiri, koma sizinaswane.

Nkhumba zinagwa pa mpamba. Chipisi chinagwa pa ogula. Kupikula nandolo kukagulitsa ku Limbe kunagwa pa zonse ziwiri. Pa mtima Wyson ankangomwaza zisanu paliponse, mpaka mkazi wake anamugwira dzanja.

"Musandiuze chimene mumachikonda polota. Ndi iti imene mungaidzukire mvula ikugwa?"

Njere zambiri zinabwerera m'chipande. Panatsala mizere iwiri. Kuswa miyala yomangira kunapeza zisanu pa mpamba, pakuti miyalayo inali m'munda mwawo momwe, zinayi pa luso, zinayi pa ogula, koma pa mtima imodzi yokha. Miyalayo sankafuna n'kuiona komwe. Kukonza njinga zakapalasa kunapeza zinayi pa mpamba, zisanu pa luso, poti anakulira pa ntchitoyo ndi bambo ake, zitatu pa mtima, ndi ziwiri pa ogula, chifukwa kumsika wa Migowi okonza njinga ali pansi pa mtengo uliwonse. Mbali zonse khumi ndi zinayi.

Fraser, amene ankaonerera, anaseka. "Nandolo wakana kuweruza. Tengani nyundo, alamu."

Wyson anayang'ana njere ziwiri za ogula zija nthawi yaitali. Anaona kuti anaziika poganiza za Migowi pokha. Ananena kuti chipinda chimenecho sachidzaza atakhala pansi. M'mawa mwake anapita pa njira yotsika kuchokera ku Fort Lister, nakhala pansi pa mtengo wa mango. Njinga za nkhuni ndi makala zinkatsika zitalemedwa, zina mabuleki atatha, eni ake akukoka phazi pansi. Ena ankakankha, matayala ataphwa. Anawafunsa kumene amakonzetsa. Onse anati ku Migowi, ngati afika. Anabwererako masiku ena, a msika ndi opanda msika, kuti asanyengedwe ndi tsiku limodzi.

Pobwera anaonjeza njere zitatu pa ogula. Khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Fraser analola mbuzi imodzi yokha. Inagula masipanala, pampu, guluu ndi mabuleki. Wyson analonjeza pamaso pa mlamu wake kuti sayamba china chilichonse mpaka nandolo akololedwe kawiri.

Sanalemere. Amadya, Edina ali pasukulu, ndipo mbuzi yotsala ija inaswa. Maganizo sanamuthere. Njinga yamoto ikadutsa amaiperekeza ndi maso mpaka fumbi litatha, ndipo posachedwa anauza mkazi wake za kuweta zinziri. Enelesi anangomulozera chipande.

Nandolo wakololedwa kamodzi. Wachiwiri ali pa maluwa, ndipo Wyson akadali pansi pa mango paja.