Ndime ya Kapondo

Nditapereka kalata yosiya ntchito, abwana sanandifunse n'komwe chifukwa chake. Anangoti ndisachoke ndisanalembe notsi zosiyira wobwera m'malo mwanga, tsamba limodzi lokha, m'Chingerezi chooneka bwino, poti kope lina limapita kulikulu ku Lilongwe. Ndinavomera. Masiku amenewo ndinkavomera chilichonse, bola ndifike kunyumba ndikavule nsapato.

Kampani yathu inkagulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda. Ofesi inali pa boma la Mchinji, madepoti ali kuboda, ku Chiosya, ku Kapondo ndi kwina. Ntchito yanga yaikulu inali dashibodi. Dzinalo linkawakomera akuluakulu m'kamwa, koma chinthu chake chinali tsamba limodzi la pakompyuta lokhala ndi timizati toonetsa matumba amene depoti iliyonse yagulitsa sabata imeneyo. Lolemba lililonse linkayenera kufika ku Lilongwe dzuwa lisanafike paliwombo, chifukwa masana ake mabwana ankakumana n'kuliyang'ana. Kamzati kakatalika ankatumizako lole ya katundu. Kakafupika kawirikawiri ankayamba kufunsana ngati depotiyo ikuyenera kukhalapo.

Mbali yoyamba ya notsi sinandivute. Depoti iliyonse imatulutsa fayilo ya malonda a sabata, fayiloyo imabwera pa fulashi ndi dalaivala wa lole. Fulashi uyambe waipima mavairasi, chifukwa imakhala itadutsa m'makompyuta a anthu okopera nyimbo. Mafayilo uike mu foda yake, uonetsetse kuti palibe yotsegula, kenako udine batani la rifuleshi. Batanilo limakoka mizere yonse ya malonda kuiika mu tebulo lalikulu, n'kusankhamo yokhayo ya madeti a sabata yathayi, timizati n'kusintha. Magetsi akathima lili pakati, usapitirize pomwepo, ubwerere ku kope la sabata yatha uyambirenso. Fayilo imodzi usailowetse kawiri, malonda amaoneka owirikiza ndipo anthu amayamba kuyamikirana zopanda pake.

Zimenezi zinadzaza tsamba. Za ku Kapondo zinalibe malo, komatu n'zimene zinandikalambitsa.

Depoti ya Kapondo ankayendetsa bambo ena achikulire ochokera ku Thyolo. Anabwera ku Mchinji ali mnyamata kudzakhala tenanti pa esiteti ya fodya, kenako anakhala kalaliki wa pasikelo, mpaka kampani yathu inawatenga. Kompyuta anaiphunzira tsitsi litayera kale, ndipo ankaidina ndi chala chimodzi ngati nkhuku yojompha chimanga. Sankalakwitsa matumba. Vuto linali kabatire kakang'ono kangati ndalama yachitsulo, kokhala m'kati mwa kompyuta, kamene kamasunga deti makina akazima. Kawo kanafa kalekale. Kumeneko ankayendera jenereta, ndiye m'mawa uliwonse kompyuta inkadzuka ikuganiza kuti ndi tsiku loyamba la Januwale la chaka chimene inapangidwa. Abambowo ankakonza deti asanayambe kugulitsa. Koma jenereta ikatsokomola masana, kompyuta n'kuzima n'kuyakanso, alimi ali pamzere mpaka panja, ankangopitiriza kulemba. Malonda onse a kuyambira pamenepo ankadindidwa deti lakalelo.

Batani langa silinkadandaula. Mizere imeneyo linkailowetsa bwinobwino mu tebulo, koma posankha za sabata ino linkaisiya, ndipo panalibe chofiira chilichonse chotulukira kukuchenjeza. Ndiye tsiku limene abambowo agulitsa kwambiri, ndi limene kamzati kawo kankafupika kwambiri.

Kabatireko ndinakapempha mpaka ndinatopa. Mtengo wake sunkaposa wa mbale ya chipisi, ndikanatha kugula ndekha. Koma kompyuta iliyonse ya kampani inali ndi sitika pamsoko, ndipo lamulo linali lakuti wong'amba sitikayo asakhale wina koma munthu wa makompyuta wa kulikulu. Woing'amba yekha ankalembedwa kalata. Munthu wa kulikuluyo ankabwera pa boma mwa apo ndi apo, koma akamva za msewu wa ku Kapondo ankayang'ana wotchi n'kunena kuti ulendo wotsatira.

Choncho mankhwala ake ndinali ine. Fulashi inkafika Loweruka madzulo. Lamulungu ndikatuluka m'tchalitchi ndinkapita ku ofesi ndi yunifolomu yanga ya chigwirizano, n'kutsegula fayilo ya Kapondo, kusanja mizere potsata madeti, kupeza ya chaka chakale. Kenako ndinkaimbira abambowo. Iwo ankadziwa kale nthawi yake, ankakhala atakwera pachulu kuseri kwa depoti pomwe pankagwira netiweki, buku la malisiti lili m'manja. Ine ndinkatchula nambala ya lisiti, iwo n'kutchula deti. Ana anga anazolowera kudya za masana a Lamulungu popanda mayi wawo.

Ndinalemba zonsezi patsamba lachiwiri. Abwana ataliwerenga anakanda m'mutu. Anati mu notsi zosiyirana ntchito sitilembamo kuti zinthu za kampani zimalephera, a kulikulu angaone ngati tikuwaneneza, ndiponso ine ndikupita koma iwo akutsala. Sanali munthu woipa, anali wotopa ngati ine ndemwe. Tinagwirizana kuti kope la ku Lilongwe likhale tsamba limodzi lija. Ndime ya Kapondo ndinailemba pamanja, m'Chichewa, kuseri kwa kope la wobwera m'malo mwangayo. Ndimaikumbukirabe:

"Kamzati ka Kapondo kakafupika usakhulupirire. Werenga mizere ya mu fayilo yawo, uyerekeze ndi imene yalowa mu sabata. Ikasiyana, yang'ana madeti. Imbira abambo a kumeneko, konza madeti pa kope la fayiloyo, fufuta mizere yawo yakale mu tebulo, kenako udinenso batani. Usatumize usanachite izi. Ntchito ya munthu ili pakamzati kameneka."

Wolowa m'malo mwanga anali mtsikana wochokera ku koleji ku Blantyre, wochangamuka, wa zala zothamanga kuposa zanga. Ankanditchula kuti asisi. Anawerenga mbali zonse ziwiri, n'kufunsa funso limene ine ndinasiya kufunsa kalekale, loti bwanji osangosintha kabatireko. Ndinamuonetsa sitika ya pakompyuta yathu. Anaseka poganiza kuti ndikucheza, kenako anaona nkhope yanga n'kusiya. Tinachitira limodzi rifuleshi imodzi, ndinamudziwitsa kwa abambo aja pafoni, ndipo iwo anamulonjera mwaulemu ngati akulonjera dokotala.

Ndinasamukira ku Lilongwe, kuntchito ina yomwe sitinkagwira Lamulungu. Kunena zoona ndinapepukidwa. Lolemba loyamba ndinadzuka mtima uli phee, mpaka ndinadabwa nawo.

Mtsikanayo anachita zonse monga ndinalembera. Miyezi yachilimwe inadutsa bwino. Mavuto anabwera ndi mvula. Msewu utaterera, lole inasiya kubwera Loweruka, fulashi ya Kapondo inayamba kufika Lolemba m'mawa ndi munthu wa njinga. Imeneyo ndiyo nyengo imene alimi amathamangira mbewu ndi feteleza, jenereta ikugwira ntchito tsiku lonse n'kumazimazima, mizere ya deti lakale ili mbwee. Kuikonza kunkafuna theka la tsiku, ndipo mvula ikamagwa munthu wamkulu sangaime pachulu ndi buku la mapepala.

Mtsikanayo ankandiimbira ali pafupi kulira. Anandiuza kuti anakana kutumiza, monga inanenera ndime ija, koma abwana anaima kumbuyo kwa mpando wake n'kunena kuti Lilongwe sidikira Kapondo. Ndiye ankatumiza, n'kulemba mu imelo kuti za Kapondo n'zosakwanira, zokonzedwa zibwera mawa. Mawa lake ankatumizadi. Koma kulikulu mlembi ankangosindikiza tsamba la timizati n'kukaika patebulo la msonkhano. Mawu a mu imelo sankafika m'chipindamo, ndipo tsamba la Lachiwiri linkapeza msonkhano utatha. Ndinamulangiza kuti alembe chenjezo patsamba lenilenilo, pansi pa kamzati. Anayesa. Anamubwezera kuti maonekedwe a dashibodi ndi amodzi m'maboma onse, asawonjezerepo zake.

Kamzati katafupika masabata otsatizana, lole ya feteleza anaipatutsira ku Chiosya. Ku Kapondo katundu anatha, alimi anayamba kukagula kwina, ndipo kamzati kanafupika tsopano moona. Apa panalibenso deti loti munthu akonze.

Depotiyo anaitseka chimanga chisanakhwime. Abambo aja anandiimbira okha, sindikudziwa ngati anali pachulu pomwe paja. Sanadandaule za munthu aliyense. Anandifunsa za ana, anati mwina abwerera ku esiteti akafunse ngati pasikelo pali malo, ngakhale maso ayamba kuvuta. Kenako anati:

"Mayi, inu mumaona zonse kumeneko. Kodi ndinkagulitsa pang'ono zoona?"

Ndinawauza kuti ayi, ankagulitsa kwambiri. Anati zikomo, amangofuna kudziwa. Nditatseka foni ndinakhala pakhonde nthawi yaitali. Ndinali ndi mkwiyo koma wosowa poutula, chifukwa aliyense m'nkhaniyi anachita zimene anauzidwa.

Katundu wa depoti anabwera naye pa boma, kompyuta ija ili pamwamba pa masikelo. Mtsikana uja anandiuza kuti munthu wa makompyuta wa kulikulu anapezeka kuti ali pa ofesi sabata imeneyo. Anaiyatsa, anaona deti, anang'amba sitika, anasintha kabatire, n'kumata sitika ina. Tiyi amene anamupatsa anali asanazizire n'komwe. Kompyutayo anaipereka ku depoti ya kuboda, ndipo akuti inkagwira ntchito bwino kwambiri.

Patapita zaka zingapo mtsikanayo nayenso anapeza ntchito ina. Tinakumana mu minibasi ya ku Mchinji, ine ndikupita kumaliro, iye akukatenga katundu wake wotsala. Anali atanenepa pang'ono, maso ake ali ngati anga a nthawi ija. Anati notsi zanga anazisunga, ndipo polemba zake zosiyira wina anangokopera, poti batani linali lomwe lija ndi zovuta zake zomwe zija. Ndinamufunsa ngati abwana anamulola tsamba lachiwiri.

"Silinafunike, asisi," anatero akuyang'ana pawindo. "Ndime ya Kapondo ndinaisiya. Zonse zinakwana patsamba limodzi."